Digiri ya Pamwamba pa Sitolo ya Malata

Dandaulo langa loyamba ndinakapereka ndi manja anga Lolemba loyamba la mwezi wa Malichi chaka chatha, nthawi ili naini koloko m'mawa, kunja kukuwaza kamvula kathu ka kuno ku Mzuzu. Kalata yachiwiri inapita itangotha Pasaka, yachitatu m'nyengo yozizira ya Juni. Makope onse atatu ali m'fayilo yobiriwira, pamodzi ndi malisiti a kupositi. Yankho silinabwere mpaka lero.

Ndinagwira ntchito m'boma zaka makumi atatu ndi ziwiri, ku ofesi yosunga makalata. Kwathu ndi ku Ntchisi, koma boma linanditumiza kuno ndikadali ndi tsitsi lakuda, ndipo nditapuma ndinamanga ku Lupaso. Ntchito ija inandiphunzitsa kuti mawu a pakamwa amauluka, pepala limakhala. Ndili ndi lisiti la njinga imene inabedwa kalekale. Akazi anga amati tsiku lina nyumba idzatigwera chifukwa cha mafayilo, ine ndimati ikadzagwa tidzakhala ndi umboni wakuti inali yathu.

Nkhani yake ndi ya mdzukulu wathu, mwana wa mwana wanga wamkazi, amene takhala naye kuyambira ali Sitandade 5. Anakhoza bwino Fomu 4, koma dzina lake silinatuluke pa mayina a osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma. Anakhala chaka chathunthu pakhomo, kuthandiza agogo ake aakazi kuweta nkhuku. Nkhukuzo ndizo zinabala ndalama imene tinasunga kuti ayambire sukulu. Inali yokwanira kulipira kamodzi kokha, ndipo tikanaiponya polakwika panalibe kwina kotapa.

Tsiku lina titatuluka m'tchalitchi, mkulu wa mpingo mnzanga anandikokera pambali. Iyeyu ndi wa ku Nkhata Bay, amakhala ku Chibavi, ndipo ndi munthu amene sayankhula chapansipansi ngakhale pamaliro.

"Adada, mwana uja mukumusungiranji ngati mbewu ya chimanga? Yunivesite yabwera m'tauni muno. Nthambi ya yunivesite yaikulu ya ku Lilongwe. Mkamwini wanga ndi amene akulemba ana. Malo akutha Lachisanu."

"Ndi yovomerezeka?" ndinafunsa.

"Yovomerezeka chomene! Chikwangwani chake simunachione? Chachikulu kuposa chitseko cha tchalitchi ichi."

Vuto linali lakuti akazi anga anamva. Pofika Lolemba m'mawa amayi onse a chigwirizano anali atadziwa kuti mdzukulu wathu akupita ku yunivesite, ndipo m'nyumba munali mutalowa sutikesi yatsopano, ngakhale kuti sukuluyo inali pamtunda wa kabaza.

"Sutikesi ndi yachiyani, mayi? Mwanayu azigonera kuno."

"Wa ku yunivesite amakhala ndi sutikesi, bambo. Inu zimenezi simungazidziwe."

Lolemba lomwelo ndinavala jekete, ndinatenga fayilo, ndipo ine ndi mdzukulu wanga tinapita m'tauni. Yunivesiteyo tinaipeza pamwamba pa sitolo yogulitsa malata ndi simenti. Sindikunyoza, maphunziro angathe kuchitikira paliponse, koma ndikungolemba zimene ndinaona: masitepe khumi ndi asanu ndi anayi, fumbi la simenti pa sitepe iliyonse, ndi chikwangwani cholembedwa m'Chingerezi ndi zilembo zofiira kuti maphunziro onse ndi ovomerezeka kotheratu.

Mkamwini wa mnzanga uja anatilandira bwino. Ndi mnyamata wa tayi yowala, waulemu wake.

"Monire adada, muli uli? Apongozi anandiuza za inu. Khalani pansi. Mwana akufuna kosi iti?"

Mdzukulu wanga anati akufuna digiri ya za chitukuko cha m'madera. Mnyamatayo anatulutsa fomu, nafotokoza kuti ndalama yolembetsera timakalipira kubanki, sibwezedwa, ndipo ngati tikufuna kuti malo asatengedwe tilipiretu ndi dipoziti pa silipi yomweyo Lachisanu lisanadutse.

"Mawu akuti sibwezedwa ndawamva," ndinatero. "Tsopano ndionetseni mapepala."

Anandilozera khoma. Panali mafelemu anayi. Ndinavala magalasi n'kuyamba kuwerenga limodzilimodzi, monga ndinkachitira ndi makalata a kulikulu. Loyamba linali satifiketi yosonyeza kuti eni ake analembetsa kampani. Lachiwiri linali chiphaso cha khonsolo ya mzinda chochitira bizinesi.

"Ichi," ndinatero, "ndachiona pansipa. Wogulitsa malata ali nacho chimodzimodzi. Kodi nayenso amapereka madigiri?"

"Ayi adada, mwayamba nthabwala."

Lachitatu linali chithunzi cha anthu ovala mikanjo ndi zipewa zathyathyathya, akumwetulira pa kapinga amene sindinamuonepo ku Mzuzu. Lachinayi ndilo linali ndi nzeru. Linali fotokope ya satifiketi yochokera ku bungwe la boma loyang'anira maphunziro apamwamba, yonena kuti yunivesiteyo inalembedwa m'kaundula. Koma fotokope ndi fotokope, ndipo chidindo chake chinkaoneka ngati pakhala kapu ya tiyi.

"Original ili ku head office," anatero mnyamatayo. "Koma zonse zili bwinobwino, adada. Siyani kope ya satifiketi ya mwana kuti timutsegulire fayilo, mukabwera ndi silipi tingomaliza."

Pano ndiyenera kuvomera chofooka changa. Munthu akanena kuti atsegula fayilo, mtima wanga umafewa. Ndinamupatsa kope ya satifiketi ya Fomu 4, yotsimikizidwa ndi chidindo cha kwa majisitireti, imene ndinaimira pamzere theka la tsiku kuti ndiipeze. Sindinamusayinitse pena paliponse. Zaka makumi atatu ndi ziwiri m'boma, ndipo ndinapereka pepala popanda siginecha.

Ndinatsika masitepe aja ndisanakhutire, koma ndinkadziwa kumene ndikapeze choonadi. Bungwe lija limasindikiza mndandanda m'nyuzipepala nthawi ndi nthawi, ndipo ndinakumbukira kuti zaka zingapo zapitazo ndinadula mndandanda wotere. Ndinaupeza madzulo omwewo, m'fayilo ya maphunziro, pakati pa malipoti a Fomu 1 ndi lisiti la yunifolomu. Ndinatsetsereza chala, ndipo dzina la yunivesite ija linali pomwepo, lakuda bii, m'nyuzipepala yeniyeni.

"Ilipo," ndinalengeza.

Akazi anga analulutira. "Mwaona? Munthu wa Mulungu wakuuzani zoona, inu mpaka kukafukula manda a mapepala."

"Agogo," anatero mdzukulu wanga, "pepalali ndi lakale. Bwanji tione pa foni? Bungwelo lili ndi tsamba lake pa intaneti."

"Foni ili ndi chidindo?"

"Nanga nyuzipepala ili nacho?"

"Nyuzipepala ndi nyuzipepala. Pa foni pomwepo ndi pamene anthu ena anandiuza kuti ndapata galimoto."

Anabweza foni m'thumba, koma ndinaona kuti wandigonjera mwaulemu chabe.

Lachinayi m'mawa tinapita kubanki awirife, ndalama ili m'thumba la m'kati la jekete, lotsekedwa ndi pini. Unali mwezi ukutha, ndiye mzere unafika mpaka pakhomo. Ndinalemba silipi ndi zilembo zazikulu, n'kuinyamula pamwamba pa fayilo. Kumbuyo kwathu kunali mayi wina wa msinkhu wapakati, wovala juzi, choko chili m'zikhadabo. Ndinazindikira kuti akuwerenga silipi yanga, chinthu chimene sindikonda.

"Pepani adada," anatero, "mwanayu mukumulipirira kumeneko?"

"Ndi nkhani ya banja, mayi."

"Yewo. Nane inali nkhani ya banja."

Anati ndi mphunzitsi wa pulayimale ku Zolozolo. Anaphunzira zaka zinayi, Loweruka ndi Lamlungu, pa nthambi ya yunivesite ina yoteroyo, kufuna kuti akwezedwe. Anavala mkanjo, anajambulitsa, achibale anabwera pa minibasi kuchokera kumudzi. Atapereka digiriyo kuntchito, inabwerera ndi kalata yakuti maphunziro amenewo sanali ovomerezedwa pa nthawi imene ankaphunzira.

"Digiriyo ili pakhoma kunyumba," anatero. "Imabisa mng'alu."

Ndinamumvera chisoni, koma ndinamuuza kuti ife tafufuza. Ndinatsegula fayilo n'kumuonetsa pepala langa la nyuzipepala. Analiyang'ana, kenako anandiyang'ana ine.

"Adada, mwawerenga mutu wake?"

Mutu wake sindinauwerenge bwino, chifukwa podula kuti likwane m'fayilo ndinadula theka la mawu, ndipo chibowolero chinadya chilembo china. Komabe zotsalazo zinkawerengeka. Unali mndandanda wa sukulu zolembedwa m'kaundula.

"Kulembedwa m'kaundula ndi kwina, kuvomerezedwa kwa maphunziro ndi kwina," anatero mphunzitsiyo, ndi mawu aja ophunzitsira ana a Sitandade 2. "Kaundula akungonena kuti sukuluyo yaloledwa kutsegula zitseko. Kenako a bungwe la boma amabwera kudzaona kosi iliyonse payokha: aphunzitsi ake, mabuku, zipinda. Ina amaivomereza, ina amaikana. Ndipo akavomereza ku Lilongwe sikuti avomereza ndi nthambi ya ku Mzuzu. Mndandanda wa makosi umakhala wina. Tsamba linalo lili kuti?"

Tsamba linalo ndinalibe. Anthu atatu kutsogolo kwathu anali atatembenuka kumvetsera, ndipo mlonda wa pakhomo anasendera pafupi. Bambo wina wachipewa anati, "Amdala, mverani aphunzitsi." Sindinamufunse maganizo ake.

Apa ndi pamene mdzukulu wanga anandionetsa foni. Anali atatsegula kale tsamba la bungwe lija, mwina kuyambira Lolemba. Dzina la yunivesite linalipo, ndipo pansi pake panali makosi ovomerezedwa, owerengeka ndithu, ndi malo ake ophunzirira. Za chitukuko cha m'madera panalibe. Mzuzu panalibe.

Kutsogolo kwanga kunali kutatsala anthu awiri kuti ndifike pa windo. Ndinali nditaima ola limodzi ndi theka, ndipo munthu wa msinkhu wanga sataya malo pamzere mwachisawawa. Ndinayang'ana silipi, ndinayang'ana foni yopanda chidindo ija, ndinakhudza pini ya pathumba. Kenako ndinauza mphunzitsi uja kuti apite patsogolo.

"Yewo chomene, adada," anatero. "Nkhuku zanu zapulumuka."

Sindikudziwa kuti za nkhuku anazimva liti. Mdzukulu wanga amayankhula kwambiri ndikatembenuka.

Panja, pansi pa khonde la banki, ndinamuuza mwanayo kuti andipezere nambala ya bungwelo pa tsamba lawo, osati imene inali pa kapepala ka yunivesite. Ndinagula mayunitsi n'kuimba ndekha. Anayankha mayi wina wodekha. Ndinatchula dzina langa, udindo umene ndinapuma nawo, dzina la yunivesite, dzina la kosi, ndi malo. Anandiuza zomwe zija: sukuluyo ili m'kaundula, makosi ena ndi ovomerezedwa kulikulu lake, koma kosi imeneyi ayi, ndipo nthambi ya ku Mzuzu sinali pa mndandanda wawo. Anawonjeza kuti mndandanda umasintha, ena amalowa ena amachotsedwa, choncho munthu aziona watsopano nthawi iliyonse asanalipire. Anatinso mwana wophunzira kosi yosavomerezedwa asayembekezere ngongole ya boma ya ophunzira.

"Mungandilembere zimenezi?" ndinafunsa.

"Tumizani funso lanu pa imelo, bambo, tikuyankhani."

"Pakhala chidindo?"

Anaseka pang'ono, koma mwaulemu. Mdzukulu wanga anatumiza funsolo, ndipo yankho litabwera sabata yotsatira ndinakalisindikiza makope awiri. Chidindo panalibe, koma panali dzina la ofesi ndi tsiku, ndipo ndaphunzira kulandira zimenezo.

Kunyumba kunali mlandu. Akazi anga anatiyang'ana manja, kufuna silipi yodindidwa.

"Mwabwera nayo ndalama? Bambo, ine ndikawauza chiyani amayi a chigwirizano?"

"Mukawauze kuti mwamuna wanu anafufuza."

"Anafufuza Lolemba n'kunena kuti ilipo. Lero wafufuza akuti palibe. Mawa mukafufuza mupeza kuti mwanayu sanabadwe."

Ndinafotokoza za tsamba lachiwiri limene linasowa, ndipo ndinanena, mwina mokweza mawu, kuti m'nyumba muno muli anthu osalemekeza nyuzipepala. Akazi anga analowa kukhitchini, natsegula kabati, nachotsa makapu a alendo, n'kusolola pepala lachikasu limene linayalidwa pa shelefu. Linali ndi zizindikiro zozungulira za makapu, ndi nyerere imodzi youma.

"Ili? Munandipatsa nokha. Munati mwadula kale zofunika."

Linali lomwelo. Mndandanda wa makosi ovomerezedwa, sukulu iliyonse ndi makosi ake. Kwa zaka zonsezi theka lofunika la umboni wanga linkagona pansi pa makapu, ine n'kumasunga theka linalo m'fayilo ngati chuma. Ndinalipukuta, ndinalibowola, n'kuliika pamalo pake. Pa nkhani imeneyi sindinanenenso kanthu, ndipo ndikupempha owerenga kuti nawonso asanene.

Lachisanu linadutsa osalipira. Mdzukulu wanga sanalire pamaso pathu, koma tsiku limenelo anatsuka makola a nkhuku onse atatu popanda womutuma, ndipo sutikesi ija anaikankhira pansi pa bedi. Zimenezo zinandipweteka kuposa mawu a agogo ake.

Lamlungu mkulu mnzanga anandipeza pa khomo la tchalitchi, asanavule n'chipewa chomwe.

"Adada, mwandichititsa manyazi kwa mkamwini! Akuti munafanizira yunivesite ndi sitolo ya malata."

"Ndinafanizira ziphaso, osati nyumba."

"Accreditation ikubwera! Chivomerezocho chili m'njira!"

"Nayonso basi ya ku Karonga imakhala ili m'njira. Koma sindilipira ndisanaione."

"Inu anthu a kuchigawo chapakati, kukayika chomene. Ngakhale kumwamba mukafunsa lisiti."

"Ndikafunsa ngati dzina langa lili m'buku. Zimenezo n'zolembedwa."

Anaseka mpaka kutsokomola, koma pambuyo pake anandikokeranso pambali, ndipo kwa nthawi yoyamba chimudziwireni anayankhula motsitsa. Anati mwana wa mchemwali wake analipira kale kumeneko. Anafunsa ngati mdzukulu wanga angamuonetse tsamba lija.

M'mawa mwake ndi pamene ndinakwera masitepe khumi ndi asanu ndi anayi aja ndi kalata yanga yoyamba. Mnyamata wa tayi anaiwerenga ataimirira. Anati iye ndi wolembedwa ntchito chabe, chikwangwani chinachokera kulikulu, ndipo anamuuza kuti mapepala a nthambi ali m'kati mokonzedwa. Ndikukhulupirira kuti ankanena zimene anauzidwa. Ndinamufunsa ngati mwana amene wayamba maphunziro lero adzakhale ndi digiri yovomerezeka zinthuzo zikadzakanika. Anangoyang'ana chithunzi cha mikanjo chija. Ndinapempha kope ya satifiketi ya mdzukulu wanga. Anati fayilo inatumizidwa ku Lilongwe. Ulendo uno ndinamusayinitsa pa kope yanga ya kalata, ndi tsiku, ndi nthawi.

Mdzukulu wanga anadikira miyezi ina isanu. Anapeza yekha sukulu ina kuno komwe, ndipo asanandiuze n'komwe anali ataona kale dzina la sukulu, dzina la kosi ndi malo ake pa mndandanda watsopano. Ine ndinaimbanso foni kwa mayi wodekha uja kuti nditsimikize, ndipo anandizindikira mawu. Tinalipira. Kope ina ya satifiketi inanditengeranso theka la tsiku kwa majisitireti. Tsopano ali chaka choyamba, amapita pa kabaza, ndipo m'sutikesi muja agogo ake amasungamo nsalu za chigwirizano.

Anthu amandifunsa kuti nanga ndikulimbikiranji, poti sindinataye kanthu. Chikwangwani chija ndinachionanso mwezi wathawu, zilembo zake zofiira zomwe zija, ndipo pa masitepe panali mtsikana ndi bambo ake, bamboyo atagwira thumba la jekete monga ndinagwirira ine. Ndinawaimitsa. Sindikudziwa ngati anandimvera. Kope ya kalata yanga yachitatu ndinaitumizanso ku bungwe lija, ndi chithunzi cha chikwangwanicho chimene mdzukulu wanga anajambula pa foni.

Choncho, kwa akuluakulu a yunivesite imene ili ndi nthambi pamwamba pa sitolo ya malata, amene akudzidziwa okha, ndikupempha mwaulemu, kachinayi, kuti mundiyankhe molemba. Ndiuzeni ngati digiri ya za chitukuko cha m'madera yophunzitsidwa ku Mzuzu yavomerezedwa tsopano, ndipo ngati yatero, munditumizire kope ya kalata yake yokhala ndi tsiku. Ngati sinavomerezedwe, ndiuzeni tsiku limene mudzatsitse chikwangwani chija, ndi zimene mudzawauze ana amene analipira kale. Ndipo mundibwezere kope ya satifiketi ya mdzukulu wanga, yokhala ndi chidindo cha kwa majisitireti, imene ndinapereka m'manja mwa wantchito wanu popanda siginecha, kulakwa kumene ndavomera kale. Keyala yanga muli nayo pa makalata atatu. Ndasiya malo m'fayilo yobiriwira, ndipo ndikudikira yankho lanu.